Shafti yamphako ndi yodzaza: ndingapungule makilogalamu angati?

Sipanala17
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikukonzanso makina osakanizira omwe timachita kuwanyamula pamanja powakweza pagalimoto. Shafti yake ndi chitsulo chodzaza, chonenepa mamilimita 50, chotalika mita imodzi ndi theka. Ndaiika pasikelo, yokhayo ikulemera makilogalamu 23. Mphamvu yopota yomwe imalandira ndi pafupifupi 1000 N·m. Mnzanga wina akuti ndiike paipi m'malo mwake, ati yamphako imalimba kuposa yodzaza. Ine zikundivuta kumvetsa, chifukwa chinthu wachichotsa mtima chingapose bwanji chathunthu? Ngati zili zoona, ndiike paipi yanji, ndipo ndipungula kulemera kochuluka bwanji?

Dzimbiri
Mnzanuyo akufuna akuphetseni. Ukachotsa chitsulo wachotsa mphamvu, basi.

Nsungwi
Ayi a Dzimbiri. Gwadani musuzumire pansi pa lole iliyonse. Shafti yochoka ku giyabokosi kupita ku difu ndi paipi, ndipo imakoka matani angati? Mafupa a mbalame ndi amphako, nsungwi ndi yamphako. Yamphako ndi yolimba kuposa yodzaza, imeneyo si nkhani yokanganirana.

Dzimbiri
Ndiye bwerani ndi paipi yanu ya 50, ine ndibwere ndi chitsulo changa cha 50, tizimange pa vaisi tione iyambe kupotoka ndi iti.

NaMakina
Mukamanga pa vaisi a Dzimbiri apambana, koma a Nsungwi sanalakwitse zonse. Mukusiyana chifukwa aliyense wagwira kwake. A Dzimbiri akufananiza zitsulo ziwiri zonenepa mofanana kunja. Pamenepo yodzaza imapambana nthawi zonse, palibe bowo lomwe limawonjezera mphamvu. A Nsungwi akuganiza za zitsulo ziwiri zolemera mofanana, ndipo pamenepo yamphako ndiyo imapambana. Funso la a Sipanala ndi lachitatu: zonse zinyamule mphamvu yopota yofanana, yopepuka ndi iti, ndipo ikupepuka motani.

Chimene chimachitika ndi ichi. Shafti ikamapotedwa, chitsulo chakunja kwenikweni ndicho chimavutika kwambiri. Ukamalowa mkati kuvutikako kumanka kuchepa, mpaka pakatikati penipeni palibe ntchito iliyonse. Ndiponso chitsulo chapafupi ndi pakati chili ngati munthu womasula nati atagwira sipanala pafupi ndi kukamwa kwake, mkono wake ndi waufupi. Choncho chimaluza kawiri: chikukankha pang'ono, ndi mkono waufupi. Koma pasikelo chimalemera chimodzimodzi ndi chakunja chija.

Tengani shafti yanu ya 50 ija, muibowole bowo la 25 kuchoka uku kukafika uko. Mwachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake. Mphamvu yomwe mwataya ndi 6 peresenti yokha ndi kakanyenyeswa. Chifukwa chake n'chakuti kulemera kumatsata theka kuchulukitsa ndi theka, pomwe mphamvu yotayikayo imatsata theka kuchulukitsa ndi theka, ndi theka, ndi thekanso, lomwe ndi gawo limodzi mwa 16.

Sipanala17
Zikomo mayi. Ndiye kuti ndingopita nayo kwa osema zitsulo akaibowole 25, nkhani yatha?

WaLefe
Musabwere nayo kwa ine chonde. Kubowola mita ndi theka mowongoka si masewera. Dirilo yaitali imasochera, ukabowola mbali zonse ziwiri mabowo sakumana pakati, ndiye khoma limakhala lonenepa mbali ina, lopyapyala mbali ina. Alipo makina apadera obowolera mabowo akuya otere, ofanana ndi omwe amabowolera mipope ya mfuti, koma si ntchito ya malo wamba. Komanso chitsulocho munachigula kale, chomwe mwachotsacho chingosanduka zinyenyeswa pansi.

NaMakina
A WaLefe anena zoona. Bowo la 25 lija ndinalitchula kuti muone mmene pakati paliri paulesi, osati kuti mukabowole. Njira yeniyeni ndi kugula paipi yonenepa pang'ono kuposa shafti yakaleyo. Tiyeni tiwerengere limodzi.

```
yodzaza:   τ = 16T / (π d³)
yamphako:  τ = 16T D / (π (D⁴ − d⁴))
```

Apa τ ndi kupanikizika kwa chitsulo chakunja mu MPa, T ndi mphamvu yopota mu N·mm, ndiye 1000 N·m muilembe 1,000,000, ndipo miyezo yonse ndi mamilimita. Mu mzere woyamba d ndi kunenepa kwa shafti, mu wachiwiriwo D ndi kunja, d ndi bowo. Mukaika 1000 N·m pa yodzaza ya 50, chitsulo chakunja chikupanikizika ndi 40.7 MPa. Poti shaftiyo yakhala ikugwira ntchito osathyoka, titenge nambala imeneyi ngati malire athu. Paipi yomwe tisankhe isapyole pamenepo.

Yesani paipi ya 60 kunja, 48 mkati, ndiye kuti khoma lake ndi mamilimita 6. Ikutuluka 39.9 MPa, pansi pang'ono pa yakale ija. Ndiye pa mphamvu yopota zikufanana. Tsopano pasikelo: yodzaza ya 50 imalemera makilogalamu 15.4 pa mita iliyonse, paipiyi imalemera 8.0. Pa mita ndi theka yanuyo ndi 23.1 kuyerekeza ndi 12.0. Mwapungula makilogalamu 11, omwe ndi 48 peresenti, pongolola kuti kunja kukule ndi mamilimita 10.

Pali kaphindu kena kobwera kokha. Yodzaza ija ikanyamula katundu ameneyu imapotoka digiri 1.17 pa mita iliyonse, paipiyi imapotoka 0.95. Ndiye yapepuka, komanso yauma kuposa poyamba.

Nsungwi
Ndimanena ine.

Dzimbiri
Simunanene zimenezo. Munati yamphako ndi yolimba basi, osatchula kuti iyenera kunenepa. Mayi, tawauzani zingatani ataika paipi ya 50 kunja ndi 40 mkati kuti ilowe m'maberingi akalewo.

NaMakina
Ikhala ndi 59 peresenti yokha ya mphamvu ya yodzaza, ndipo kupanikizika kukwera kufika pa 69 MPa. Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera. Amamva kuti paipi ndi yabwino, n'kugula yofanana kunja ndi shafti yakale.

Gudumu
Pepani ndalowa mochedwa, koma ndikuona ngati nonse mwasokera. Ine mota yanga ndi ya 15 kW ndipo shafti yake sifika n'komwe pa 50. Inu 1000 N·m mwaitenga kuti? Mota ya 15 kW pa 1450 rpm imatulutsa pafupifupi 99 basi. Mukulimbana ndi chitsulo chachikulu pachabe, ikani ya 25 yodzaza muiwale za mapaipi.

Sipanala17
Yanganso ndi 15 kW achimwene, koma pakati pali giyabokosi yochepetsa liwiro kakhumi. Shafti yomwe tikunenayi imazungulira ka 145 pa mphindi.

Gudumu
Aa, giyabokosiyo sindinaione.

Wophunzira_2
Sanaitchule n'komwe poyamba, musadzidandaule. `T = 9550 × P / n`, ndiye 9550 kuchulukitsa ndi 15, kugawa ndi 145, ikupereka 988. Liwiro likatsika kakhumi mphamvu yopota imakwera kakhumi.

Ine funso langa lili kwa a NaMakina. Ndasewera ndi masamu aja ndipo ndaona kuti bowo likamakula phindu likungokulirakulira. Bowo likakhala theka la kunja, paipi yofanana mphamvu ndi ya 51 ndipo tipungula 22 peresenti. Bowo likakhala 0.8 ya kunja ndi paipi yanu ija, tipungula pafupifupi theka. Ndikafika pa 0.9, kunja kukhala 71.4, khoma 3.6, kupungula 61 peresenti. Nanga bwanji osangopitirira, paipi yaikulu ngati mgolo yokhala ndi khoma ngati pepala?

NaMakina
Chifukwa masamu amenewo amangodziwa njira imodzi yofera shafti, yomwe ndi chitsulo kugonja chifukwa chopanikizika. Paipi yopyapyala ili ndi imfa ina. Tengani chitini chopanda kanthu cha zakumwa, muchipote ndi manja awiri. Sichiduka, chimakwinyika mopendeketsa n'kufwamphuka, chitsulo chake chisanafike n'komwe pa malire ake. Ya 71 ndi khoma la 3.6 sinafike pamenepo, koma mavuto ena amayamba kale: kasikuluwu ka beringi kamaifinya, nyundo ikaigunda imasiya chibonga, ukawotcherera imapindika. Ndipo onani kuti kuchoka pa 0.8 kufika pa 0.9 mwangopindulapo makilogalamu awiri pa mita, koma chilichonse chovala pashaftiyo chakula. Ine pa makina ogwidwagwidwa ngati awa sindingapyole 0.8.

Madala_Fita
Ana inu masamu mukuwatha, koma palibe yemwe wafunsa kuti sipuloketi kapena kapulingi igwira bwanji paipiyo. Mvetserani zomwe zinandichitikira ine ndili mnyamata. Tinasintha shafti ya lamba wonyamula katundu, tinaika yamphako, aliyense akusangalala kuti munthu mmodzi akutha kuinyamula. Ndinaipereka kuti akaseme mpata wa kiyi osaganiza kawiri. Wosemayo anatsata tebulo lake la miyezo ya makiyi monga mwa nthawi zonse. Itabwera, pansi pa mpatawo panatsala kachitsulo kopyapyala koti ukagogoda ndi chala kamalira ngati chitini. Tinaiikabe chifukwa ntchito inali itaima. Sinathe sabata ziwiri, mng'alu unayambira pakona ya mpata wa kiyi n'kuyenda mopendeka kuzungulira paipi yonse.

Tsono taonani paipi ya mayiyi. Shafti ya 50 imalandira kiyi ya 14 kwa 9, ndipo mpata wake umalowa mamilimita 5.5 m'shafti. Mukakwera kufika pa 60, kiyi yake ndi 18 kwa 11, mpata umalowa mamilimita 7. Khoma lanu ndi 6. Ndiye kuti wosemayo atulukira mkati, mudzaona kuwala.

Sipanala17
Madala mwandipulumutsa. Ndinali nditalemba kale 60 kwa 48 papepala loti ndikagulire.

NaMakina
Zoona madala, ndinayenera kuchenjeza. Masamu anga aja ndi a paipi yosakhudzidwa. Mphamvu yonse ya paipi ili m'khomalo, ndiye mpata uliwonse ukusema pomwe pali ntchito. Yodzaza imakhululuka chifukwa pansi pa mpata pamakhalabe chitsulo chambiri.

Dzimbiri
Mwaona? Tabwerera kwa ine.

Mpopi_Wamadzi
Ine ndinagwiritsapo paipi yamadzi wamba ngati shafti ndipo inagwira chaka chonse. Bwanji osangotero? Imapezeka paliponse.

WaLefe
Inanyamula chiyani? Paipi yamadzi inapangidwira kusunga madzi. Nthawi zambiri chitsulo chake ndi chofewa, ndi lata lopindidwa n'kuwotcherera msoko m'litali mwake, siyozungulira bwinobwino moti beringi ikhale bwino, ndipo ikakhala yokutidwa ndi zinki utsi wake powotcherera umadwalitsa. Ya shafti mufunse paipi yopanda msoko, ya khoma lonenepa, yopangira zida za makina. Lowetsani chala mkati, mukamva kamzere kotukuka m'litali mwake ndiye kuti ili ndi msoko.

Wophunzira_2
Koma si paipi iliyonse ya msoko yomwe ndi yoipa. Mashafti ambiri apansi pa galimoto amapangidwa ndi paipi yowotcherera yomwe anaikokanso kuti isalale.

NaMakina
Eya, vuto si msoko wokha, ndi msoko wosadalirika. Chifukwa chake tikuuopa n'chakuti paipi imalimba pokhapokha ikakhala yotsekeka kuzungulira konse. Pezani kachubu kakatoni kotsala mkati mwa mpukutu wa pepala, mukapote, mumva kakukana. Kenako mukadule ndi sizasi m'litali mwake, mupotenso. Milomo iwiriyo imangotsetserekana, mphamvu yonse yapita. Paipi yathu ya 60 kwa 48 itang'ambika chotero kuchoka uku kufika uko, ingapotoke kuwirikiza pafupifupi ka 60 pa katundu yemweyo. Yodzaza ilibe imfa yamtundu umenewu.

Gudumu
Poti mwatchula za pansi pa galimoto, yanga imanjenjemera ikafika liwiro lina lake, ndikapitirira imasiya. Ndinafupikitsa shaftiyo n'kuwotcherera ndekha. N'kutheka kuti ndi chimenecho?

Madala_Fita
N'kutheka kwambiri. Munaipititsa kukailinganiza kulemera mutawotcherera? Timalata ting'onoting'ono tomwe mumationa titamatidwa pa shafti ija si tokongoletsa. Onaninso ngati mafoloko a mbali ziwirizo akuyang'ana kumodzi monga analili musanadule.

Gudumu
Timalatato ndinatichotsa ndi gulainda kuti pawoneke bwino.

Dzimbiri
Hahaha, ndiye mukufunsanso chiyani?

Nsungwi
Komabe za shafti ya lole ndinatchula poyamba zija sizinayankhidwe. Ngati paipi ili ndi mavuto onsewa, opanga magalimoto amaikondera chiyani?

NaMakina
Kumeneko chifukwa chachikulu si sikelo yokha. Shafti yaitali yothamanga kwambiri ili ndi liwiro lomwe imayamba kukwapula ngati chingwe chodumphira. Liwirolo limakwera shafti ikakhala youma koma yopepuka. Pa ziwiri zathuzi, zikatalika mofanana, paipi ingathamange kuposa yodzaza ndi theka lina isanayambe kukwapula. Koma onaninso kuti mashafti a mkati mwa ekiselo, ochoka ku difu kupita ku matayala, nthawi zambiri ndi odzaza, chifukwa malo ndi ochepa ndipo kunsonga kwake kumasemedwa mano. Kwa a Sipanala, pa 145 pa mphindi, za kukwapulazi sizikuwakhudza.

Sipanala17
Tibwerere kwa ine chonde, galimoto ya a Gudumu ikhale kaye. Kiyi sindingaseme pa paipi. Ndiye nditani?

WaLefe
Njira yomwe timachita kawirikawiri ndi iyi: pakati paipi, kunsonga zonse ziwiri zitsulo zodzaza. Timasema chitsulo chodzaza kuti mbali ina ilowe mothina m'paipi, mwina mamilimita 60, n'kuwotcherera kuzungulira. Mbali yotsalira kunja timaisema 50. Mukatero maberingi anu akale akhalabe, kiyi ya 14 ija ikhalabe. Chofunika n'chakuti kusema komaliza kuchitike mutawotcherera kale, chifukwa moto umakoka chitsulo ndipo nsonga ziwirizo siziyang'anananso.

Mukafuna paipi yokhayokha mpaka kunsonga, maberingi asintha. Ngati muli ndi 6210, yomwe bowo lake ndi 50 ndipo kunja ndi 90, mupita pa 6212, bowo 60, kunja 110. Nyumba zake zikulanso, mabowo a mabawuti asuntha, ndipo sipuloketi igwire ndi cholumikizira chothina mozungulira m'malo mwa kiyi.

Wophunzira_2
Ndawerengera njira ya a WaLefe. A Sipanala, mbali iliyonse pamafunika mpata wotalika bwanji wa beringi ndi sipuloketi?

Sipanala17
Tinene mamilimita 200 mbali iliyonse.

Wophunzira_2
Ndiye paipi yatsala mita 1.1, yomwe ndi makilogalamu 8.8. Nsonga ziwirizo pamodzi ndi zolowa mkati zija zikufika pafupifupi 8. Zonse pamodzi zikuyandikira 17. Kuchoka pa 23, mwapungula 6 basi, osati 11.

Sipanala17
Theka lija lasanduka kota tsopano.

Dzimbiri
Makilogalamu 6 pa makina omwe mota ndi giyabokosi zokha zimafuna anthu angapo. Amene akunyamulawo sadzamva n'komwe kusiyana. Ndipo mwawonjezera malo awiri owotcherera pomwe kale panalibe. Shafti yozungulira imatopa, ndipo mng'alu umakonda kuyambira m'mphepete mwa chowotchereracho.

Madala_Fita
Apa ndigwirizana ndi a Dzimbiri pang'ono. Shafti ikakhala ya mamita anayi kapena asanu, nsonga zija zimakhala kachigawo kochepa ndipo paipi imapindula zedi, komanso siilendewera kwambiri pakati chifukwa cha kulemera kwake komwe. Pa mita ndi theka phindu ndi lochepa. Koma ngati mwasankha kuwotcherera, ikani msokowo kutali ndi beringi komanso kutali ndi pomwe tcheni chimakokera, pakhale pomwe shafti sikupindika kwambiri.

Mpopi_Wamadzi
Nanga osangoika yodzaza yowonda koma ya chitsulo chabwino? Ya 40 ya EN19 mwachitsanzo.

Wophunzira_2
Ha, iyi ndi nzeru. Ya 40 imalemera 9.9 pa mita, ndiye yonse ndi 14.8. Ikupepuka kuposa paipi ya nsonga zodzaza ija! Kupanikizika kukukwera kufika pafupifupi 80 MPa, koma EN19 singadandaule nazo.

NaMakina
Kuthyoka mwina singathyoke, koma chitsulo chokwera mphamvu sichiuma kuposa chitsulo wamba. Zitsulo zonsezi zimapotoka pafupifupi mofanana zisanafike pogonja. Ya 40 ipotoka digiri 2.85 pa mita, kuwirikiza katatu paipi ija, ndipo ikapindidwa ilendewera kuwirikiza kawiri ndi theka poyerekeza ndi ya 50 yakaleyo. M'makina osakanizira zimenezi zitha kuchititsa kuti zopalasa zizikhula m'mbali mwa mgolo. A Sipanala, zopalasazo zimamangidwa ndi mabawuti kapena n'zowotcherera pa shafti?

Sipanala17
Zowotcherera, zilipo zisanu ndi chimodzi.

WaLefe
Ndiye EN19 muiganizire kawiri. Imafuna kuitenthetsa musanawotcherere ndi kuiziziritsa pang'onopang'ono, apo ayi pambali pa msoko pamauma ngati galasi n'kung'aluka.

Madala_Fita
Paipi nayonso siikonda zimenezo. Chopalasa chikakumana ndi mwala chimakankha malo amodzi a khoma la mamilimita 6. Ndinaonapo chikuzuka ndi kachidutswa ka khoma. Muvale kaye kakolala pa paipi, chopalasa chigwire pa kakolalako.

Dzimbiri
Makolala asanu ndi limodzi. Wophunzira, chotsanso pa 6 paja.

Nsungwi
Inu a Dzimbiri simungavomere ngakhale sikelo itakuuzani. Makolalawo ndi timagalamu chabe. Ine ndikanaika paipi, youma kuposa zonse zitatu ndipo yopepukabe kuposa yakaleyo.

NaMakina
Chinthu chimodzi sitinachiyeze. Tonse tatenga 1000 N·m ngati kuti ndi pomwe pamathera. Mota ikamadzuka makina ali odzaza, kapena chopalasa chikakakamira, mphamvuyo imatha kuwirikiza kawiri kapena kupitirira kwa kanthawi. Shafti yakale inapirira zimenezo, ndipo pakati pa paipi ya 60 kwa 48 papiriranso chimodzimodzi. Pomwe ndikukayika ndi pa misoko iwiri ija. Kodi pali pini yoduka yokha kapena chotsetsereka chilichonse pakati pa giyabokosi ndi shafti?

Sipanala17
Palibe, ndi tcheni basi. Mawa ndimasula nyumba za maberingi ndione ngati 6212 ingakwane pafelemu popanda kudula. Ikakwana ndiyesa paipi yokhayokha yopanda nsonga zowotcherera. A WaLefe, cholumikizira chothina chija chimafuna kuti mkati mwa paipi mukhale chotchinjiriza kuti isafinyike?

WaLefe
Pa khoma la 6 ine ndingaikemo kachitsulo kothina pansi pake. Koma yezani kaye paipiyo mukaigula. Ikabwera 60.3 yosasalala muyenera kuisema pomwe pakhale beringi, ndipo khoma lanu lichepa pomwepo. Mwina mufune ya 63 kuti pakhale posema.

Dzimbiri
Ya 63. Wophunzira, tenganso cholembera.